Ndinadula fomu pakati ndisanayeze

Ntchito ija ndinaivomera ndisanatsegule n'komwe fayilo imodzi. Bungwe lina la zaumoyo linali ndi mafomu ake ovomereza kutenga nawo mbali pakafukufuku, aja amene munthu amayamba wawerengeredwa asanasayine kapena kudinda chala, ndipo tsamba lililonse linali ndi Chingerezi kumanzere, Chichewa kumanja, ndime ndi ndime moyang'anizana. Mafayilo a Word amene anapangira mafomuwo sanalinso kupezeka, kunangotsala ma PDF. Mayi oyang'anira ntchitoyo ankafuna mawu onse alowe mu Excel, Chingerezi m'kolamu yake, Chichewa m'kolamu yake, ndime iliyonse pambali pa inzake, kuti omasulira awo aone ngati mbali ziwirizi zikunenadi chinthu chimodzi. Ine, poti ndimataipa mwachangu komanso anzanga amandifunsa za makompyuta, ndinawauza kuti, "Mayi, musadandaule, imeneyi ndi yongokopa n'kupesita." Ndinanena zimenezi ndikukhulupirira ndi mtima wonse, ndipo mawu amenewa ndi amene amandichititsabe manyazi mpaka lero.

Ndinatsegula fomu yoyamba, n'kusankha zonse, n'kukopa, n'kupesita, ndipo chimene chinatuluka ndinachiwerenga kawiri ndisanamvetse: theka la chiganizo cha Chingerezi, pompo theka la chiganizo cha Chichewa, kenako Chingerezi chija chikupitiriza pamene chinasiyira, Chichewa nachonso chikubwereranso, mzere ndi mzere mpaka pansi pa tsamba. Ndinayesa kusankha mbali imodzi yokha ndi mausi, koma utoto wosankhira uja unkalumphira mbali inayo ndikangotsika mzere umodzi. Ndinaganiza kuti fayilo ndi yowonongeka, ndinatsegula ina, zomwezo, ndinasintha pulogalamu yowerengera, zinangosakanikirana mwa mtundu wina.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti PDF wamba sasunga makolamu. Maso athu ndi amene amaona kuti apa pali Chingerezi, apa pali Chichewa. M'kati mwa fayilo muli malangizo akuti chilembo ichi chilembedwe pamalo akutiakuti, mawu awa ayambire apa, basi. Kampani ya Adobe itatulutsa PDF mu 1993, cholinga chinali chakuti tsamba lizioneka chimodzimodzi pakompyuta iliyonse ndi papulinta iliyonse, osati kuti wina adzalimasule n'kulibweza momwe linalembedwera. Alipo ma PDF ena amene amakhala ndi zizindikiro zamkati zouza pulogalamu dongosolo lowerengera, koma anga analibe. Choncho pulogalamu iliyonse yotulutsa mawu imangoyerekeza, ndipo ikaona mawu awiri ali pamsinkhu umodzi, nthawi zambiri imawatenga ngati mzere umodzi. Kwa iyo zilibe kanthu kuti amodzi ndi a Chingerezi.

Ndikanaima pamenepa n'kuganiza bwino. Koma ndinali nditamva za `pdftotext`, kapulogalamu ka m'gulu la Poppler, ndipo nditaika `-layout` tsamba linatuluka looneka bwino kwambiri, mbali ziwiri zitaima padera, masipesi ambiri pakati. Ndinasangalala, n'kulemba lamulo loti mzere uliwonse uduke pamene pali masipesi atatu kapena kuposerapo, chakutsogolo chipite kolamu yoyamba, chakumbuyo yachiwiri. Mizere yoyambirira inayenda bwino. Kenako kunabwera mizere imene Chingerezi chinali chitatha koma Chichewa chikupitirira, ndipo poti ndinali nditachotsa masipesi a kumayambiriro kwa mzere uliwonse kuti zioneke zaudongo, Chichewa chija chinasunthira kumanzere n'kukalowa m'kolamu ya Chingerezi. Pamizere ina Chingerezi chinali chitadzaza mpaka m'mphepete moti masipesi apakati anachepa, lamulo langa osadula chilichonse. Pamizere yolembapo dzina ndi tsiku masipesi anali paliponse, mzere umodzi n'kuduka zidutswa zinayi. Masipesi amenewo m'fayilo mulibe. `pdftotext` imawaika yokha pofuna kutsanzira maonekedwe a tsamba, ndipo kuchuluka kwake kumasintha mzere ndi mzere.

Apa ndinabwera ndi nzeru imene ndinkaiona ngati yapamwamba: bwanji ndisiye za malo, ndingosiyanitsa mawu potengera chinenero? Ndinatenga mndandanda wa mawu a Chingerezi, ndikuti liwu lililonse lopezeka m'menemo lipite kumanzere, lotsala lipite kumanja. Sizinatenge nthawi. Mayina a mankhwala, manambala a foni, HIV, dzina la kafukufuku, zonsezi zimalembedwa chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. "Kale" wathu anapezeka m'mndandanda wa Chingerezi, "a" wa ulemu uja wa "a dokotala" nayenso chimodzimodzi, ndipo ziganizo za Chichewa zinatuluka zobooka, mawu ena atasamukira kwina. Pafomu yotereyi chinenero cha liwu chimadziwika ndi pamene laima patsamba. Kuzindikira chinenero kumathandiza pambuyo, poyesa ngati zimene mwagawa kale zili bwino, ndipo kumafuna ndime yathunthu, osati liwu limodzi.

Ndiye ndinabwerera ku malo, ndipo apa ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri. Ndinali nditaphunzira kuti PDF imayeza tsamba ndi mapoyinti, 72 pa inchi imodzi, ndipo pepala la A4 ndi mapoyinti 595 m'lifupi, 842 m'litali. Ndinaona kuti `pdfplumber`, laibulale ya Python, ili ndi `crop` yodulira tsamba. Mbali ziwiri, pepala limodzi, ndiye theka la 595 ndi 297.5. Sindinayeze kanthu. Ndinangoganiza kuti munthu wopanga fomu ya zinenero ziwiri amagawa pepala pakati penipeni, ndinadula pamenepo masamba onse, ndinatsegula Excel n'kuona makolamu awiri odzaza bwino, ndinayang'ana pamwambamwamba osawerenga mzere ngakhale umodzi mpaka kumapeto, ndinatumiza, n'kulemba uthenga wonena kuti ntchito yatha nthawi isanakwane.

Mayi aja anaimba foni tsiku lomwelo. Sanakalipe. Anangoti, "Achimwene, tatsegulani ndime yonena za malipiro, mundiwerengere mbali ya Chichewa."

Ndinawerenga mokweza: "mudzalipidwa chifukwa chotenga nawo mbali."

"Nanga papepala palembedwa chiyani?"

Papepala panalembedwa kuti "Simudzalipidwa". Ndinakhala chete foni ili kukhutu, thukuta likutsika kumsana, ndikuyang'ana kolamu ya Chingerezi pamene mzere woyamba wa ndimeyo unathera ndi kachidutswa kakuti "Sim", kamene kanali pomwepo nthawi yonseyi kudikira munthu woti awerenge.

Nkhani yake inali iyi. Wopanga fomu anadziwa kuti Chichewa chimatenga malo ambiri, ndiye anachipatsa mbali yotakasuka. Nditayeza, Chingerezi chinkathera pa 274, Chichewa chinkayambira pa 288, kutanthauza kuti mpata wapakati unali wa mapoyinti 14, pafupifupi mamilimita 5, ndipo sunali pakati pa pepala. Mzere wanga wa 297.5 unadutsa mapoyinti naini ndi theka m'kati mwa Chichewa. Pa fonti ya Arial ya saizi 10, S wamkulu ndi i pamodzi amatenga mapoyinti pafupifupi 9, choncho mpeni unagwera pa m. Tsono `crop` imasunga chilembo chilichonse chimene chakhudzako bokosi, ngakhale pang'ono, ndiye m uja analowa mbali zonse ziwiri: kumanzere "Sim", kumanja "mudzalipidwa". Mizere yambiri inatuluka ndi mawu oduka mutu opanda tanthauzo, amene aliyense akanawaona msanga. Koma Chichewa chimakana kumayambiriro kwa mneni, ndipo ukachotsa "si" chotsalacho chimakhala liwu labwinobwino lonena zosiyana. "Simukukakamizidwa" anasanduka "mukukakamizidwa". Pafomu imene ntchito yake ndi kuuza munthu kuti ali ndi ufulu wokana, ine ndinalemba kuti akukakamizidwa. Fayiloyo sinafike kwa wodwala aliyense, inathera m'manja mwa mayiwo, koma omasulira akanayamba kuigwiritsa ntchito akanaimbidwa mlandu wa zolakwa zimene sanachite.

Ndinapepesa, n'kupempha kuti andipatsenso mpata. Ulendo uno ndinayamba ndi kuyeza. `extract_words()` imapereka liwu lililonse ndi malo ake: `x0` ndi pamene layambira kuchokera kumanzere, `x1` pamene lathera, `top` ndi mtunda kuchokera pamwamba pa tsamba. Ndinasanja manambalawo n'kufunafuna chigawo cha m'lifupi chimene mulibe liwu lililonse la m'thupi la fomu, ndinachipeza pakati pa 274 ndi 288, n'kusankha 281. Ndipo m'malo modula zilembo, ndinagawa mawu athunthu m'magulu atatu:

```python
import pdfplumber

with pdfplumber.open("fomu.pdf") as pdf:
    mawu = pdf.pages[0].extract_words()

kumanzere = [m for m in mawu if m["x1"] < 281]
kumanja = [m for m in mawu if m["x0"] > 281]
odutsa = [m for m in mawu if m["x0"] <= 281 <= m["x1"]]
```

Gulu lachitatulo ndi limene ndikanayenera kukhala nalo kuyambira pachiyambi. Ngati malire ali pamalo oyenera, m'thupi la fomu `odutsa` amakhala opanda kanthu. Akadzaza, ndiye kuti mwadula polakwika. Ndikanayesa ndi 297.5, pafupifupi liwu loyamba la mzere uliwonse wa Chichewa likanagwera m'menemo, ndipo ndikanadziwa ndisanatumize. Ndi 281 munangotsala mawu ochepa, onse ochokera pamutu wa fomu ndi pamalo osayinira pansi, mizere imene imayenda tsamba lonse. Imeneyi inandipusitsanso pang'ono, chifukwa liwu limodzi lokha la mutu ndi limene linkakhudza malire, ena onse anagawanika mwakachetechete, theka la mutu kupita ku Chingerezi, theka ku Chichewa. Ndinaphunzira kuyang'ana `top` wa mawu odutsawo, n'kupatula mzere wonsewo pambali ndisanayambe kugawa. Ndinapezanso kuti mafomu sanapangidwe ndi munthu mmodzi, choncho 281 sinali nambala ya onse. Fomu iliyonse inafunika kuiyeza payokha.

Zinenero zinali zitasiyana tsopano, ndipo ndinayambanso kudzimva kuti ndafika. Ndinaika mzere woyamba wa kumanzere pambali pa mzere woyamba wa kumanja, wachiwiri ndi wachiwiri, mpaka pansi. Ndime yoyamba inali ndi mizere itatu ya Chingerezi ndi inayi ya Chichewa, ndiye mzere wachinayi wa Chichewa unakakhala pambali pa chiyambi cha ndime yachiwiri ya Chingerezi, kusiyanako kunkakula ndime iliyonse, ndipo pofika pansi pa tsamba mawu onena za kutenga magazi anali atayang'anizana ndi onena za kusunga chinsinsi, kolamu ya Chingerezi itatha kalekale pamene ya Chichewa ikadapitirira yokha. Zinali ngati kumanga mabatani a malaya utaphonya loyamba. Mwamwayi ulendo uno ndinawerenga ndisanatumize, komabe ndinachita manyazi ndekha m'chipinda, poti chinali chinthu choonekeratu papepala lomwe linali patebulo panga.

Mizere ya mbali ziwiri sigwirizana, ndipo palibe chifukwa choti igwirizane, poti pamene mzere waduka ndi pamene malo anathera basi. Chimene chimagwirizana ndi ndime. Wopanga fomu anayambitsa ndime iliyonse pamsinkhu umodzi mbali zonse ziwiri, n'kusiya malo opanda kanthu pansi pa Chingerezi chachifupicho. Choncho tsamba liyenera kudulidwanso chopingasa. Ndinatenga `top` wa nambala ya ndime iliyonse, 1, 2, 3, n'kunena kuti mawu onse a pakati pa nambala iyi ndi yotsatira ndi a ndime imodzi: a kumanzere kwa malire alumikizidwe akhale selo imodzi, a kumanja selo inayo. Ndinkachotsako mapoyinti awiri pa `top` aliyense, chifukwa mbali ziwirizi nthawi zina zimasiyana msinkhu ndi kachigawo ka poyinti, ndipo popanda kutero mzere woyamba wa Chichewa unkatha kugwera m'ndime yam'mwamba. Pamafomu okhala ndi mizere yojambula yolekanitsa ndime, mizereyo ndi yodalirika kuposa manambala, ndipo `pdfplumber` imaipereka mu `lines` kapena `rects`, kutengera momwe inajambulidwira.

Panatsala msampha umodzi. Ndime ina yaitali inayambira pansi pa tsamba, Chingerezi chinakwanira pomwepo, koma mizere iwiri yomaliza ya Chichewa inasefukira pamwamba pa tsamba lotsatira, kumanzere kwake kuli mbee. Kachitidwe kanga kanaitaya chifukwa inali pamwamba pa nambala yoyamba ya tsambalo. Ndinaizindikira chifukwa selo ya Chichewa inatuluka yaifupi kuposa ya Chingerezi, chinthu chimene pamafomu amenewa sichinkachitika kawirikawiri, komanso inathera pa "ndi" popanda mpumiro. Kuyambira pamenepo mawu aliwonse opezeka pamwamba pa nambala yoyamba ndinkawalumikiza ku ndime yomaliza ya tsamba lapitalo.

Ndikanakonda nkhani ikanathera apa, koma pansi pa foda panali mafomu akale amene `pdftotext` inabweza opanda liwu ngakhale limodzi. Ndinataya madzulo onse ndikuganiza kuti ndaononga china chake pakompyuta, pamene `pdffonts` ikanandiuza nthawi yomweyo: sinaonetse fonti iliyonse, kutanthauza kuti masambawo ndi zithunzi zosikana, mulibe zilembo. Ndinawasandutsa zithunzi za madontho 300 pa inchi ndi `pdftoppm -r 300 -png`, n'kupereka tsamba lathunthu kwa Tesseract ndi `--psm 6` chifukwa ndinali nditaona wina akuigwiritsa ntchito, osadziwa kuti nambala imeneyi imauza pulogalamu kuti tsamba lonse ndi chigawo chimodzi cha mawu, ndiye inawerenga modutsa mpata n'kundibwezera msakanizo womwe uja wa tsiku loyamba. Ndinati chabwino, ndidule chithunzi kaye, n'kudula pa 281, kuiwala kuti tsopano ndikuyeza ndi mapikiselo osati mapoyinti, ndipo ndinapeza kachidutswa kowonda ka m'mphepete mwa pepala. Pa madontho 300, A4 ndi mapikiselo 2480 m'lifupi, ndipo 281 uja amafunika kuchulukitsa ndi 300 n'kugawa ndi 72, zomwe zimapereka 1171.

Ngakhale 1171 sanagwire bwino, chifukwa amene anasikana anaika pepala lopendekeka pang'ono, zomwe zimachitikira aliyense pamakina aja. Ndi maso simungaone. Koma kupendekeka kwa digiri imodzi yokha kumasuntha mpata ndi mamilimita pafupifupi 5 kuchokera pamwamba pa A4 kufika pansi, ndipo mpata wanga wonse unali mamilimita 5 omwewo. Ndinayeza malire pamwamba, pamene zinali bwino, koma chapakati mzere wodulawo unali utayamba kudya zilembo, ndipo pansi "si" anali pangozi kachiwiri. Chithunzi chimafunika kuwongola kaye, kenako kuyeza mpata patsamba lowongokalo, lililonse palokha, kenako kudula, mbali ya Chichewa n'kuisunga ngati `kumanja.png`:

```
magick tsamba.png -deskew 40% +repage lowongoka.png
tesseract kumanja.png kumanja -l Latin --psm 6
```

Pa kolamu imodzi yodulidwa kale, `--psm 6` imagwira bwino, poti tsopano ndi chigawo chimodzidi. Kudula kaye kuli ndi phindu linanso: mbali iliyonse mumaiwerengetsa ndi fayilo yoiyenera. Kumanzere ndinagwiritsa ntchito `eng`. Kumanja `eng` inkataya kadenga ka ŵ pamafomu akale amene ankalemba Malaŵi, ndipo kachizindikiro ka mu ng' ndi m' nthawi zina kankasowa. Pamafayilo a zinenero amene Tesseract imabwera nawo palibe ya Chichewa, choncho ndinatenga `Latin`, imene inaphunzitsidwa zilembo za zinenero zambiri zolembedwa ngati chathu. Pamakompyuta ena dzina lake limalembedwa `script/Latin`. Zinachepetsa zolakwa, koma sizinazithetse, ndipo mbali ya Chichewa ya mafomu osikanawo ndinaiwerenga ndekha liwu ndi liwu, pepala lili m'manja.

Ndisanatumize kachiwiri ndinachita zimene ndinazidumpha poyamba. Ndinawerengera ndime za mbali zonse ziwiri kuti zifanane ndi za papepala, ndinafufuza selo iliyonse yopanda kanthu, ndinayang'ananso paliponse pamene Chichewa chinatuluka chachifupi kuposa Chingerezi, ndipo paliponse pamene Chingerezi chinali ndi `not` ndinapita kumanja kukaona ndi maso anga kuti kukanako kulipo. Mayi aja anayankha tsiku lotsatira kuti omasulira ayamba ntchito. Ndalama anandipatsa zomwe tinagwirizana pachiyambi, za ntchito yongokopa n'kupesita, ndipo sindinapemphe zoonjezera chifukwa mtengowo ndinautchula ndine.

Inu amene mwapatsidwa mafomu otere, funsani kaye ngati fayilo ya Word ikadalipo, chifukwa m'menemo tebulo limakhala tebulo ndipo kolamu mumaikopa yonse kamodzi. Ngati palibe, yezani mpata pafomu iliyonse musanadule, ndipo werengani mbali ya Chichewa mokweza, kuyambira chilembo choyamba cha mzere uliwonse, musanatumize kwa eni ake.